Kalata kwa ophunzira a chaka chomaliza: zoyenera kupezeka mu lipoti la pulojekiti ya detabesi

Okondedwa ophunzira,

Ambiri mwa inu mwakhala mukugogoda pa ofesi yanga ndi funso limodzi lomwelo: lipoti likhale ndi chiyani, ndipo likhale la masamba angati? Za masambazo ndiyankhiretu. Thupi la lipoti lisapitirire masamba 30, ndipo kodi yonse ipite kumapeto ngati zowonjezera. Funso linalo ndi lofunika kulikhalira pansi, n'chifukwa chake ndalemba kalatayi.

Ndikatsegula lipoti lanu, ndimasankha lamulo limodzi la ntchito imene mwaipangira detabesi, n'kuyamba kulilondola monga mmene mlenje amatsatira mapazi a nyama. Ndimafuna ndilipeze pamene munalimva kwa eni ake ntchito, ndilipezenso pa chojambula, m'matebulo, mu kodi, mpaka pamene munaliyesa n'kuona kuti likugwiradi. Lamulo likasowa panjira, ndimadziwa kuti mitu ya lipotilo inalembedwa payokhapayokha n'kudzasokedwa pamodzi usiku womaliza. Choncho mutu uliwonse umene nditchule pansipa ukhale wolandira kuchokera ku mutu wapambuyo pake n'kupatsira wotsatira.

Kuti tisalankhule za m'malere, nditenga chitsanzo chimene aliyense wa inu akuchidziwa: gulu la banki m'khonde. Tiyerekeze kuti lili ndi mamembala 20, amakumana sabata iliyonse, sheya imodzi ndi K2,000, ndipo mlembi amalemba zonse m'kope lalikulu. Pulojekiti yanu mwina ndi ya famase, ya laibulale kapena ya golosale, koma njira yake ndi yomweyi.

Mutu woyamba: vuto ndi malire ake

Masamba awiri akukwana. Fotokozani kuti ntchitoyo ikuyenda bwanji lero, ndani amalemba, amalemba pati, ndipo chimawavuta n'chiyani. Musayambe ndi mbiri ya makompyuta padziko lapansi. Chiganizo chonena kuti "pa tsiku logawana ndalama mlembi ndi msungichuma amatha tsiku lonse akuwonkhetsa masheya a munthu aliyense tsamba ndi tsamba, ndipo nthawi zina mayankho awo amasiyana" chimandiuza zambiri kuposa ndime zisanu zotamanda luso lamakono.

Kenako ikani malire. Nenani poyera zimene detabesi yanu idzasunga ndi zimene simudzazikhudza. Ngati mwasankha kusunga masheya, ngongole ndi kubweza, koma mwasiya thumba la zadzidzidzi ndi zindapusa za ochedwa, lembani choncho ndi chifukwa chake. Kusiya chinthu mwadala n'kunena sindikuona ngati cholakwa. Cholakwa ndi kuchisiya mwakachetechete.

Mutu wachiwiri: malamulo a ntchito ndi mafunso ofuna mayankho

Apa ndi pamene pagona lipoti lonse, ndipo ndi pamene ambiri mumathamangapo. Pitani kwa eni ake ntchito, mukhale nawo pansi, muone makope awo ndi malisiti awo. Mu lipoti munene kuti munalankhula ndi anthu a maudindo ati, liti, ndipo munaona mapepala otani. Zimene munamvazo muzisandutse malamulo afupiafupi, lililonse ndi nambala yake. M'chitsanzo chathu, L1 linganene kuti membala amagula masheya kuyambira imodzi mpaka 5 pa msonkhano umodzi. L2, kuti ngongole isapitirire katatu ndalama zimene membala wasunga. L3, kuti ngongole imabwezedwa pang'onopang'ono, maulendo angapo. L4, kuti mtengo wa sheya umagwirizanidwa poyamba pa nyengo iliyonse ndipo susintha mpaka gulu litagawana. Manambalawa ndi amene muzidzawatchula m'mitu yonse yotsatira.

Lamulo labwino ndi lakuti munthu akhoza kuliyesa. "Sisitemu ikhale yosavuta kugwiritsa ntchito" si lamulo, chifukwa palibe njira yoti ine kapena inu tiliyesere.

Muzifunsanso funso lakuti "nanga zikapanda kuyenda choncho?" Anthu akamafotokoza ntchito yawo amanena zimene zimachitika tsiku labwino. Zovuta zake amakuuzani mukawafunsa: membala akasiya pakati pa nyengo zimatha bwanji, akamwalira ali ndi ngongole, akatuma mwana kudzapereka m'malo mwake, akabweza ndalama zoposa zimene anatsala nazo. Mayankho a mafunso amenewa amasintha maonekedwe a matebulo kuposa china chilichonse.

Malizani mutuwu ndi mafunso osachepera 8 amene eni ntchito akufuna kuti detabesi izitha kuyankha. Alembeni m'mawu awo, monga "ndani sanabweze kalikonse chitengereni ngongole?" kapena "aliyense alandira zingati tikamagawana?" Tidzabwereranso kwa mafunsowa.

Mutu wachitatu: chojambula cha ER

Njira yojambulayi anaifotokoza Peter Chen mu 1976, ndipo masiku ano pali zizindikiro za mitundu ingapo. Sankhani mtundu umodzi, kaya wa Chen kapena wa mapazi a khwangwala, muutchule, ndipo musasakanize. Chojambulacho chikwane tsamba limodzi ndipo chiwerengeke chikasindikizidwa papepala. Ngati ndi chachikulu, chigaweni pawiri.

Chojambula pachokha sichikwanira. Pa mzere uliwonse wolumikiza mabokosi awiri, lembani ziganizo ziwiri, chimodzi choyang'ana uku, china choyang'ana uko. Mwachitsanzo: membala mmodzi akhoza kukhala ndi ngongole zambiri kapena osakhala nayo n'komwe; ngongole iliyonse ndi ya membala mmodzi basi. Mukamalemba ziganizo zimenezi mokweza mudzagwira nokha zolakwika zambiri ine ndisanazione.

Samalani kwambiri pamene mbali zonse ziwiri zili ndi "zambiri". Membala amapita ku misonkhano yambiri, ndipo msonkhano umodzi umakhala ndi mamembala ambiri. Nanga chiwerengero cha masheya ogulidwa chikhale kuti? Sichingakhale pa membala, chifukwa chimasintha sabata ndi sabata. Sichingakhale pa msonkhano, chifukwa aliyense amagula zake. Malo ake ndi pakati, pokumana membala ndi msonkhano, ndipo pamenepo pamabadwa tebulo lakelake. Ndikufuna kuona kuti mwazindikira zimenezi ndipo mwazifotokoza m'mawu anu.

Chonde musandipatse chithunzi chimene MySQL Workbench kapena pgAdmin yajambula yokha kuchokera ku matebulo amene munapanga kale, n'kumati ndicho chojambula cha ER. Chimenecho chimaonetsa pamene munathera, pomwe mutu uno ukufuna kuonetsa mmene munaganizira musanalembe kodi. Chikhoza kulowa mu mutu wachisanu.

Mutu wachinayi: kuchokera ku kope la mlembi kufika pa 3NF

Musandikoperere matanthauzo a 1NF, 2NF ndi 3NF kuchokera m'mabuku. Ndikuwadziwa, ndipo maganizowa akhalapo kuyambira pamene Edgar Codd anafotokoza za detabesi ya matebulo mu 1970 ndi zaka zotsatira. Chimene ndikufuna ndi tsamba lenileni la ntchito yanu, mayina mutawasintha, n'kuliphwanya pang'onopang'ono ine ndikuona.

Tiyerekeze kuti tsamba la mlembi lili ndi madanga awa: tsiku la msonkhano, dzina, foni, mudzi, mfumu yaikulu ya dera, masheya ogulidwa, ngongole, kubweza koyamba, kubweza kwachiwiri, kubweza kwachitatu. Yambani ndi madanga atatu omalizawo. Nanga munthu akabweza kachinayi alembedwa pati? Mlembi amalemba m'mphepete mwa tsamba, koma detabesi ilibe m'mphepete. Kubweza kulikonse kukhale mzere wakewake mu tebulo la kubweza, wokhala ndi nambala ya ngongole, tsiku ndi ndalama. Mwafika pa 1NF, ndipo mwakwaniritsa L3.

Tsopano onani chimene chimasiyanitsa mzere wina ndi unzake pa zogula masheya. Ndi zinthu ziwiri pamodzi: msonkhano ndi membala. Koma foni ya munthu imadalira membala yekha, ilibe nawo ntchito msonkhano. Mukaisiya pamenepo idzalembedwa kambirimbiri pa nyengo imodzi, ndipo tsiku limene mayi wina adzasinthe nambala, mudzakonza mizere ina n'kuiwala ina. Dzina, foni ndi mudzi zipite ku tebulo la membala. Imeneyo ndi 2NF. Potsiriza, mfumu yaikulu sidalira membala mwachindunji, imadalira mudzi umene membalayo akukhala. Midzi ikhale ndi tebulo lake, ndipo mwafika pa 3NF.

Pa sitepe iliyonse lembani kuti n'chiyani chikudalira chiyani, ndipo onetsani ndi mizere iwiri kapena itatu vuto limene likanabuka mukanapanda kugawa tebulolo.

Pali msampha umodzi umene ndikufuna tiuyang'ane pafupi, chifukwa umagwira ngakhale ophunzira akhama. Ndi mtengo wa sheya. Ambiri amauika malo amodzi, mu tebulo la gulu, n'kumati zatha. Mayi wina wagula masheya 15 pa K2,000, ndiye kuti wasunga K30,000. Nyengo yotsatira gulu lagwirizana kuti sheya ikwere kufika pa K3,000, mlembi wasintha nambala ija, ndipo mbiri ya mayiyu ya nyengo yatha yasanduka K45,000 popanda wina kuikapo tambala. Palibe uthenga wochenjeza umene udzatuluke pa sikirini. Mtengo wa sheya ndi wa nyengo, monga L4 likunenera, choncho pakhale tebulo la nyengo lokhala ndi tsiku loyambira, tsiku logawana ndi mtengo wake, ndipo msonkhano uliwonse uloze ku nyengo yake. Ngati pulojekiti yanu ndi ya golosale kapena famase, msampha womwewu uli pa mtengo wa katundu: mtengo wa tsiku logulitsa uyenera kusungidwa pa mzere wa malondawo. Fufuzani mu ntchito yanu chilichonse chimene chimasintha ndi nthawi, ndipo mundiuze mu lipoti kuti mbiri yake mwaiteteza bwanji.

Mutu wachisanu: matebulo omaliza ndi tanthauzo la danga lililonse

Pa tebulo lililonse ndipatseni dzina la danga, mtundu wa deta, ngati likhoza kukhala lopanda kanthu, tanthauzo lake m'chiganizo chimodzi, ndi nambala ya lamulo limene likuteteza. Mutuwu ndi wotopetsa kulemba, koma munthu amene adzalandire detabesi yanu inu mutachoka adzayambira pomwepa.

Zisankho zitatu ndimaziyang'ana nthawi zonse. Ndalama musazisunge ngati `FLOAT`, chifukwa mtundu umenewu susunga ndendende manambala ngati 0.1, ndipo timatambala timasokonekera mukawonkhetsa mizere yambiri. Gwiritsani ntchito `DECIMAL(12,2)`. Nambala ya foni ndi mawu, si nambala yowerengera: mukaisunga ngati `INTEGER`, ziro woyambirira amagwa ndipo +265 salowa. Chachitatu ndi kiyi wamkulu wa tebulo. Dzina silingakhale kiyi, poti m'gulu limodzi mukhoza kupezeka a Banda awiri a dzina loyamba lofanana. Foni nayonso ayi, chifukwa imasintha, ndipo kumudzi anthu awiri kapena atatu amagwiritsa ntchito foni imodzi. Nambala ya chiphaso cha unzika ndi yosabwerezeka, koma dzifunseni ngati aliyense adzakhala nacho m'manja pa tsiku lolembetsa, komanso ngati n'koyenera kuti nambala yotereyi izibwerezedwa m'matebulo onse. Chilichonse chimene musankhe, lembani chifukwa chake.

Mutu wachisanu ndi chimodzi: kodi, ndi pamene lamulo lililonse lakhazikidwa

Tchulani pulogalamu ya detabesi imene mwagwiritsa ntchito ndi nambala ya mtundu wake. M'thupi la lipoti ikani zidutswa zokhazo zimene zili ndi nkhani yofotokoza, monga ichi:

```sql
CREATE TABLE kugula_masheya (
  msonkhano_id INTEGER NOT NULL,
  membala_id   INTEGER NOT NULL,
  masheya      INTEGER NOT NULL CHECK (masheya BETWEEN 1 AND 5),
  PRIMARY KEY (msonkhano_id, membala_id),
  FOREIGN KEY (msonkhano_id) REFERENCES msonkhano (id),
  FOREIGN KEY (membala_id) REFERENCES membala (id)
);
```

Pansi pake fotokozani kuti `CHECK` akuteteza L1, ndipo kiyi wa madanga awiriyo akuletsa kuti munthu alembedwe kawiri pa msonkhano umodzi n'kuzembera malire a masheya 5.

L2 ndi losiyana. Kuti mudziwe ngati mayi wa K30,000 uja angatenge K100,000, muyenera kuwonkhetsa mizere ya m'matebulo ena n'kupeza kuti malire ake ndi K90,000. `CHECK` wamba sangachite zimenezo, chifukwa amaona mzere umodzi wokha umene ukulowa. Lamulo lotere limafuna `TRIGGER`, kapena likhale mu pulogalamu imene mlembi azigwiritsa ntchito. Njira zonse ziwiri ndimazilandira. Chimene sindilandira ndi lipoti limene L2 likupezeka mu mutu wachiwiri kenako osamvekanso.

Dziwaninso khalidwe la chida chanu. SQLite salabadira `FOREIGN KEY` pokhapokha mutalemba `PRAGMA foreign_keys = ON;` nthawi iliyonse mukalumikiza. MySQL ya m'mbuyo mwa 8.0.16 imalandira `CHECK` popanda kudandaula koma osamugwiritsa ntchito, ndipo matebulo a MyISAM sateteza `FOREIGN KEY`. Kodi ikhoza kuoneka bwinobwino papepala pomwe pakhomo palibe mlonda.

Mutu wachisanu ndi chiwiri: mayankho ndi mayeso

Bwererani ku mafunso 8 aja. Pa lililonse onetsani funso m'mawu a eni ake, kodi yake, ndi zimene zatuluka. Deta yoyesera ikhale yokwanira kuti yankho likhale ndi tanthauzo: mamembala onse 20, misonkhano ingapo, ndi nyengo ziwiri za mitengo yosiyana. Ndi mizere itatu yokha, funso lolakwika limaoneka ngati lolondola.

Nachi chitsanzo. Munthu watenga K60,000, chiwongoladzanja chake ndi K12,000, wabweza K25,000 kawiri. Ndi cholembera mukupeza kuti watsala ndi K22,000. Ndalama zotsalazi musazisunge mu danga lakelake, chifukwa tsiku lina zidzasemphana ndi mizere ya kubweza, ziwerengedwe pofunsa:

```sql
SELECT n.id,
       n.ndalama + n.chiwongoladzanja
         - COALESCE(SUM(k.ndalama), 0) AS zotsala
FROM ngongole n
LEFT JOIN kubweza k ON k.ngongole_id = n.id
GROUP BY n.id, n.ndalama, n.chiwongoladzanja;
```

Yang'anani mawu akuti `LEFT JOIN`. Mukalemba `JOIN` yekha, ngongole zimene sizinabwezedwepo kalikonse sizituluka n'komwe, chifukwa zilibe mzere mu tebulo la kubweza. Ndiye kuti anthu amene msungichuma akuwafunitsitsa ndi omwe asowe pa mndandanda. Mungaligwire vutoli pokhapokha ngati mu deta yanu yoyesera muli munthu amene sanabwezepo. Muikeni dala. Ndipo pa mafunso osachepera atatu, onetsani yankho limene munawerengera pamanja pambali pa limene kompyuta yapereka.

Kenako yesani kuswa malamulo anu. Lowetsani masheya 6. Lembani munthu kawiri pa msonkhano umodzi. Perekani ngongole ya K100,000 kwa mayi uja. Fufutani membala amene ali ndi ngongole. Pa yeso lililonse lembani nambala ya lamulo, chimene munalowetsa, chimene mumayembekezera, ndi uthenga umene unatuluka monga mmene unalembedwera pa sikirini. Zithunzi za detabesi ikukana zinthu zolakwika ndimazipatsa malikisi ochuluka kuposa zithunzi za fomu yokongola yolowera. Yeso likalephera ndipo nthawi yokonza yatha, lilembeni momwemo ndi maganizo anu pa chimene chachititsa. Mudzapezapo malikisi, pomwe mukabisa ine n'kudzazipeza ndekha pa tsiku loonetsa, mudzataya.

Mutu womaliza: chitetezo, zosunga padera ndi zofooka

Tsamba limodzi kapena awiri. Nenani kuti ndani ali ndi chilolezo choona chiyani ndi kusintha chiyani, ndipo onetsani `GRANT` imene ikuchita zimenezo ngati chida chanu chili nayo. Fotokozani mmene deta idzasungidwire padera, kaya ndi `pg_dump` kapena `mysqldump`, kangati, ndipo kopeyo izikhala kuti. Ndikufuna umboni woti munayesapo kubwezeretsa kamodzi pa kompyuta ina. Laputopu imabedwa, magetsi amathima pakati pa ntchito, ndipo kope imene ili pa laputopu yomweyo imapita nayo limodzi.

Anthu amene anakutsegulirani makope awo anakukhulupirirani. Mu lipoti, mu zithunzi ndi mu deta yoyesera musapezeke dzina lenileni, foni kapena nambala ya chiphaso ya munthu aliyense, ngakhale ngongole ya munthu amene anzake angamuzindikire. Dziko lathu lili ndi lamulo loteteza deta ya anthu la 2024, ndipo lipoti limene ndipezemo zoterezi ndidzalibweza lisanachongedwe. Tsekani mutuwu ndi zofooka zenizeni za ntchito yanu, monga kuti detabesi yanu ndi ya gulu limodzi lokha ndipo singathe kusunga munthu amene ali m'magulu awiri.

Pamodzi ndi lipoti mupereke mafayilo atatu: lopanga matebulo, lolowetsa deta yoyesera, ndi la mafunso. Ndidzawayendetsa motsatana pa detabesi yopanda kanthu pa kompyuta yanga, choncho yesani kuchita chimodzimodzi pa kompyuta ya mnzanu musanapereke. Ngati munagwira ntchito pagulu, tsamba lomaliza linene amene anachita gawo lililonse, ndipo pa tsiku loonetsa ndidzafunsa aliyense za gawo limene sanalembe iye.

Sabata ikubwerayi bwerani ku ofesi ndi zinthu ziwiri zokha, mndandanda wa malamulo anu ndi chojambula cha ER, ngakhale chojambulidwa ndi pensulo. Tikakonza zimenezo musanalembe kodi, kusintha kwake ndi kwa chofufutira basi.

Ndine mphunzitsi wanu wa phunziro la detabesi.